Uthenga wa tsiku lobadwa wopita kwa apongozi: ukumveka wochokera pansi pa mtima kapena wokokomeza?

Funso

Apongozi anga aakazi akukwanitsa zaka 60 Loweruka likubwerali. Ndi munthu wosachedwa kukhumudwa, ndipo mawu amawasunga. Chaka chatha tinasemphana pa nkhani ya ndalama za malata, moti mpaka lero timangopatsana moni wapamwamba. Komabe ndi iwowo amene anachoka ku Dedza kudzandisamalira m'chikuta nditabereka mwana wanga woyamba pa opaleshoni. Apongozi aamuna anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Ndalemba uthenga uwu: "Tsiku lobadwa labwino amayi anga okondeka kuposa onse padziko lapansi! Ndinu mngelo wa banja lathu, simunandilakwirepo chiyambire. Popanda inu sindine kanthu. Mukuoneka ngati mtsikana wa zaka 30! Mulungu akupatseni zaka zina 100 za chisangalalo chokhachokha. Tiiwale zakale." Amuna anga akuti uli bwino, koma mtima wanga ukukana. Ndingadziwe bwanji ngati ukumveka woona kapena wokokomeza ndisanautumize?

Yankho

Mayi, mverani mtima wanuwo, uthengawu musautumize momwe ulilimu. Sindikukayika kuti mwaulemba ndi cholinga chabwino. Vuto lake ndi lakuti mawu ake akula kuposa pamene inu ndi amayiwo mwaima lero, ndipo iwo akudziwa bwino lomwe pamene mwaimapo.

Munthu wosachedwa kukhumudwa sawerenga uthenga ngati mmene ena amawerengera. Ena amangoona kuti mwawakumbukira, nkumwetulira, nkuika foni pansi. Iye amatenga chiganizo chilichonse nkuchiyerekeza ndi zimene akukumbukira. Akapeza chimodzi chokha chosagwirizana ndi zimene zinachitika, amayamba kukayikira ndi zina zonse, ngakhale zoona zomwe. Zili ngati pa msika wa kaunjika: wogulitsa akachulutsa kutama chovala, wogula amachitembenuza kuti afufuze pamene chang'ambika. Choncho funso loyesera uthenga si lakuti mawu ake ndi okoma motani. Funso ndi ili: amayi akawerenga chiganizo ichi, kodi m'mutu mwawo mubwera chinthu chimene chinachitikadi chovomereza, kapena mubwera chotsutsa?

Tiyeni tiyese uthenga wanu ndi funso limeneli, kuyambira pamene pali ngozi yaikulu.

Mwalemba kuti sanakulakwirenipo chiyambire. Iwo akangofika pamenepa, malata aja abwera m'mutu nthawi yomweyo. Akudziwa kuti munakhumudwa, akudziwanso kuti inu mukudziwa kuti iwo akudziwa. Ndiye atsala ndi njira ziwiri zomasulira mawu anuwo: mwina mukuwashashalika chifukwa pali chimene mukufuna, kapena mukuwanena mozungulira. Palibe njira yachitatu yabwino. Mawu onse otseka khomo ngati "chiyambire", "nthawi zonse", "palibe tsiku", "kuposa onse" ali ndi vuto lomweli, chifukwa tsiku limodzi lokha loipa limakwanira kuwagwetsa, ndipo munthu wosunga mawu tsiku limenelo ali nalo pafupi.

Kenako mwatseka ndi "tiiwale zakale". Onani kuti ziganizo ziwirizi zikumenyana zokha: ngati sanakulakwireni, chakale choti muiwale ndi chiti? Koma ngakhale choyambacho mutachichotsa, ichi sichiyenera kukhalamo. Munthu amene amauza mnzake kuti tiiwale amakhala wadziika pa mpando wa wokhululuka, ndipo winayo wamuika pa mpando wa wolakwa. Kwa mnzanu wa msinkhu umodzi zimatheka. Kuchokera kwa mpongozi wamng'ono kupita kwa kholo zimamveka ngati mwana akuweruza mlandu. Pamwamba pa izo, mwawapatsa ntchito pa tsiku lawo. Akayankha kuti "zikomo" basi, aoneka ngati akana chiyanjano. Akavomera, aoneka ngati avomera kuti analakwa ndi iwo. Ambiri otere amasankha kukhala chete, inu nkumadabwa kuti mwalakwitsa pati. Nkhani ya malata ndi yofunika kuikamba, koma malo ake ndi pamphasa, maso ndi maso, amuna anu ali pomwepo, ndipo ikakanika ankhoswe alipo. Uthenga wa tsiku lobadwa sungasenze katundu ameneyo.

Tsopano tibwere ku mawu otamanda aja: mngelo wa banja, okondeka kuposa onse padziko lapansi, popanda inu sindine kanthu. Pano pali kayesedwe kosavuta kamene ndimauza aliyense. Chotsani mawu akuti "amayi", muikepo dzina la munthu wina, kaya azakhali anu, kaya amayi a kumvano, kaya mnzanu wa kuntchito. Ngati chiganizocho chikuimabe bwinobwino osasintha kanthu, ndiye kuti sichikunena za apongozi anu. Chikunena za aliyense, ndipo munthu watcheru amamva msanga kuti wapatsidwa mawu a aliyense. "Mngelo wa banja" angapite kwa amayi ena onse a m'Malawi muno pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndipo mwina amayiwo analandirapo kale mawu otere kuchokera kwa anthu ena pa chithunzi cha maluwa.

"Popanda inu sindine kanthu" ali ndi vuto linanso. Akunena za mtima wanu, ndipo mawu onena za mtima amayesedwa ndi zochita za miyezi yapitayi. Ngati chaka chathunthu mwakhala mukuwaimbira mwa apo ndi apo, ndiye kuti mwakhala popanda iwo ndipo moyo wayenda. Iwo aona zimenezo. Ndipo ngati amayi anu okuberekani ali moyo, mawu akuti kuposa onse padziko lapansi sangawakhulupirire, mwinanso angaganize kuti mwana wochepsa mayi ake pofuna kusangalatsa apongozi ndi wosadalirika.

Pano ndichenjeze, chifukwa ena akamva zoterezi amafufuta chilichonse chofunda mpaka uthenga kutsala ngati kalata ya ku ofesi. Ulemu si kukokomeza. Kuwatchula apongozi kuti "amayi" ndi mwambo wathu, palibe amene angakufunseni kuti kodi anakuberekani. Kunena kuti "tikuthokoza Mulungu chifukwa cha inu", kapena "ndife ana anu", ndi mawu a malo anu m'banjamo, ndipo ndi oona ngakhale pa tsiku limene mwasemphana. Kusiyana kwake nkwakuti mawu a ulemu amanena za ubale umene ulipo ndithu, umene anthu onse anauchitira umboni pa chinkhoswe, pomwe mawu okokomeza amanena za kukoma kwa ubalewo, kumene inu awiri nokha mukudziwa muyeso wake. Ulemu muuchulutse mmene mungathere. Muyeso wa chikondi musauwonjezere.

Za kuoneka ngati mtsikana wa zaka 30 zichotseni osaganizanso kawiri. Amenewo ndi macheza a anthu a msinkhu umodzi kapena a chidzukulu. Mdzukulu akhoza kuwaseka agogo ake motero iwo nkuseka nawo, koma pakati pa mpongozi ndi mpongozi pali manyazi amene mwambo unaika dala. Komanso mayi wa zaka 60 wa zidzukulu zake sakufuna kuchotseredwa zaka. Ukulu wakewo ndiwo ulemerero wake, ndipo ndi umene muyenera kuulemekeza.

Madalitso ali ndi ufulu wokulirapo kusiyana ndi mawu ena onse, chifukwa amanena za m'tsogolo ndipo palibe chakale chimene chingawatsutse. Nchifukwa chake "Mulungu akupatseni moyo wautali" sakhumudwitsa munthu. Koma zaka zina 100 kwa munthu wa zaka 60 ndi nambala yongoponya, yosonyeza kuti wolembayo sanaime nkuganiza. Choopsa kwambiri ndi "chisangalalo chokhachokha". Amayiwa anaika amuna awo m'manda zaka ziwiri zapitazo. Kwa wamasiye, tsiku lokwanitsa zaka limakumbutsa amene palibe, makamaka chaka chachikulu ngati ichi. Buku la Miyambo, mutu 25 ndime 20, limafanizira woimbira nyimbo munthu wa mtima wosweka ndi womuvula mnzake chovala tsiku lozizira, ndipo uthenga wodzaza chisangalalo ndi zizindikiro zofuula umachita zomwezo. Sindikunena kuti mulembe uthenga wa maliro. Ndikunena kuti mufunire amayi zinthu zimene iwo eni amapempha akagwada: thanzi, mphamvu, mtendere wa mumtima, kuona zidzukulu zikukula. Kutchula malemu kapena kusawatchula kukudalira chinthu chimodzi. Ngati amayi amawatchula okha pocheza, mukhoza kuika chiganizo chimodzi chachifupi. Ngati dzinalo likamveka amangoti zii, lisiyeni, kufatsa kwa uthengawo kuonetsa kuti mukukumbukira.

Mwina mukuona ngati ndafufuta zonse. Koma chinthu chabwino koposa chili m'funso lanu, ndipo mu uthengamo simunachiike: chikuta. Mayi anasiya nyumba yake ndi munda wake ku Dedza kudzakhala ndi mkazi wa mwana wake amene sakanatha kuwerama chifukwa cha bala. Chimenecho chinachitika. Iwo akuchikumbukira, inu mukuchikumbukira, ndipo malata sanachifufute. Uthenga woona umamangidwa pa chinthu chotere, chimodzi chokha.

Khalani pansi mukumbukire masiku amenewo mpaka mupeze kanthu kakang'ono kamene maso anu anaona. Musalembe kuti "munandisamalira kwambiri", chifukwa mawu amenewonso angapite kwa aliyense. Funani chimene manja awo anachita. Kodi ankadzuka mbandakucha kukutenthetserani madzi osamba? Kodi ndi iwo anayamba kusambitsa mwana inu mukuopa kumugwira? Kodi ankamunyamula usiku kuti inu mugoneko? Ine sindinaliko, ndiye ndingotenga chitsanzo cha madzi ndi usiku, inu muikepo chimene chinachitikadi, ndipo musawonjezere ngakhale pang'ono. Ngati anakhala masabata atatu musanene kuti miyezi, chifukwa iwo anawerenga masikuwo kuposa inu. Uthengawo ukhoza kukhala motere:

"Amayi, mwadzuka bwanji? Lero tikuthokoza Mulungu kuti wakusungani mpaka zaka 60. Ine sindiiwala mmene munasiyira zonse ku Dedza kudzandisamalira m'chikuta, kunditenthetsera madzi m'mawa ndi kunyamula mwana usiku kuti ndigone. Mdzukulu wanu uja lero akuthamanga, ndipo ndikamuona ndimakumbukira manja anu. Ambuye akupatseni thanzi ndi mtendere, muone zidzukulu zanu zikukula. Tikuimbirani madzulo kuti ana akupatseni moni."

Muuyese ndi mafunso aja. Palibe chiganizo chimene amayi anganene kuti si zoona. Simungautumize kwa azakhali anu, chifukwa azakhali sanatenthetse madziwo. Sukunena kuti zonse zili bwino pakati panu, sukunenanso kuti zili poipa. Sukupempha kanthu, ndipo "zikomo mwanangu" akukwanira kuuyankha. Onaninso kuti mulibe mawu akuti "ndimakukondani", koma chikondi chikumveka kuposa mu woyamba uja, chifukwa munthu amene wasunga kanthu kakang'ono kotere kwa zaka waonetsa kale kuti winayo ndi wofunika kwa iye. Chiganizo chomalizacho chili ndi lonjezo, ndiye mukachisiya momwemo muimbedi madzulowo. Lonjezo losakwaniritsidwa lidzabweza uthenga wonse m'gulu la zapakamwa.

Pokonza uthenga wotere samalani ndi timawu tina tolowa mwakachetechete: "ngakhale", "komabe", "zivute zitani". Munthu akafuna kumveka woona amakonda kulemba kuti "ngakhale timasemphana nthawi zina, ndimakulemekezani". Kwa wolemba zimaoneka ngati kunena chilungamo. Kwa wowerenga wosachedwa kukhumudwa, theka loyambalo ndi limene limatsala m'mutu, ndipo tsiku lonse adzakhala akulibwereza. Kunena zoona sikutanthauza kunena zonse. Kukutanthauza kuti chilichonse mwasankha kunena chikhale choona.

Mukamaliza kulemba, pali kayesedwe kena kamene ndimakakhulupirira kuposa onse. Lowani kuchipinda nokha, muyerekeze kuti amayi akhala pampando patsogolo panu, inu mwakhala pansi monga mumachitira mukapita kumudzi, ndipo muwerenge uthengawo mokweza. Pamene lilime likukana, pamene mwayamba kuseka kapena kuthamanga kuti mudutsepo msanga, pamenepo ndi pamene pali mawu osakhala anu. Yesani kunena mokweza kuti "ndinu mngelo wa banja lathu" mukuwaona m'maganizo, mumva nokha kulemera kwake. Zala zimalemba zinthu zambiri zimene pakamwa sipangayerekeze. Nchifukwa chakenso kwa makolo ambiri uthenga wa mawu umaposa wolemba: amamva kupuma kwanu, amamva ngati mukumwetulira, ndipo sasowa kudzipangira okha kamvekedwe. Pa WhatsApp mukhoza kujambula mawu nkuyamba mwawamvetsera musanatumize. Ingopewani kuwerenga papepala ngati chilengezo cha kutchalitchi. Dziwani mfundo zanu, kenako lankhulani.

Ganiziraninso za amene adzauone uthengawo, chifukwa mawu omwewo amasintha kulemera malinga ndi omvera. Ngati amayi amawerengeredwa mauthenga ndi mdzukulu kapena mlamu wanu wamng'ono, dziwani kuti uthenga wanu udzamveka pakhonde anthu ali pomwepo, ndipo chilichonse chokhudza mkangano chidzawachititsa manyazi pamaso pa ana. Gulu la banja la pa foni ndi loopsa koposa. Onse m'menemo akudziwa za malata, ndiye mawu otamanda kwambiri oikidwa pagulu amaoneka ngati chiphamaso, ngati mukufuna alamu anu aone kuti wabwino ndinu. Pagulu lembani chiganizo chimodzi chaulemu, cha chikuta chija chipite kwa iwo okha. Chimodzimodzi ndi kuika chithunzi chawo pa sitetasi: kuwaonetsa kwa anthu onse musanawalankhule iwo eni kumapweteka kuposa kusawaika konse.

Mawu alembeni ndi zala zanu. Uthenga wongopatsira kuchokera kwina umafika ndi chizindikiro cha `Forwarded` pamwamba, ndipo palibe chimene chimapha uthenga msanga kuposa chimenecho. Musadalirenso zoti mukonza mukatumiza. WhatsApp imalola kusintha uthenga m'mphindi 15 zoyambirira, koma imaika mawu akuti `Edited`, ndipo mukaufufuta pamatsala chidziwitso chakuti panali uthenga umene wachotsedwa. Munthu wosunga zinthu mumtima adzakhala akudzifunsa kuti poyamba munalemba chiyani, ndipo chimene adzadziyankhe chidzakhala choipa kuposa chimene munalembadi. Ndi bwino kulemba Lachinayi pamalo ena, kuugoneka, nkuuwerenganso Lachisanu mutu uli wozizira. Ngati foni yawo ndi ya mabatani, siyani timitima ndi timaluwa, chifukwa pa mafoni ambiri otere timafika ngati timabokosi topanda tanthauzo.

Za amuna anu, iwo anayankha funso limene munawafunsa. Mwana akafunsidwa ngati mawu otamanda mayi ake ali bwino, anganene chiyani? Asintheni funso. Apatseni uthenga watsopanowo muwafunse kuti, "Amayi akamawerenga, aima pati? Ndi mawu ati amene angakawabwereze kwa achemwali anu?" Funso limeneli limamuchititsa munthu kuwerenga ndi maso a mayi ake, ndipo iye ndi amene amawadziwa kuyambira ali mwana. Muwafunsenso ngati tsikulo ndi limene amayi eni ake amalitenga kuti ndi lawo. Akuluakulu ena tsiku lolembedwa pa chiphaso cha unzika si limene amalidziwa, ndipo ena mwambo wa tsiku lobadwa anaudziwira kwa ana awo. Kwa otere mawu ofatsa othokoza Mulungu chifukwa cha moyo amakhala pafupi ndi mtima wawo kusiyana ndi phokoso la chikondwerero.

Ngati mukufuna kutumiza mphatso, poti munasemphana pa ndalama, chaka chino ndikadakonda chinthu chogwirika, monga chitenje chimene mwasankha nokha kapena shuga ndi sopo zopita ndi munthu, kusiyana ndi ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba yofika limodzi ndi uthengawo. Ndalama ingawerengedwe ngati yankho la mkangano uja, ndipo kuchuluka kwake kungayerekezedwe ndi mtengo wa malata. Ngati ndalama ndi imene ikufunikadi pakhomopo, atumize amuna anu monga mwa nthawi zonse. Ndipo kwa masabata angapo musawapemphe kanthu, kaya kudzakhala ndi ana, kaya thumba la chimanga, chifukwa pempho lobwera msanga lidzaoneka ngati ndilo linali cholinga cha mawu okoma aja.

Nditsirize ndi malire ake, kuti musadzadziimbe mlandu. Mukhoza kuchita zonsezi bwino, yankho nkubwera la mawu awiri, kapena osabwera tsiku limenelo. Zimenezo sizisonyeza kuti uthenga unalakwika. Munthu amene wakhala chaka ali ndi chilonda satembenuka ndi uthenga umodzi, ndipo makolo ambiri salemba zambiri pa foni ngakhale atakondwa. Musatumize uthenga wachiwiri wofunsa ngati alandira, musawonjezere mawu ena otamanda poganiza kuti oyamba anachepa. Imbani madzulo monga munalonjezera, muwapatse moni inu poyamba, kenako mupereke foni kwa ana. Mukamva kuti afunsa za mwana uja anamunyamula usiku, kapena ayamba kufotokoza okha za masiku a chikuta, dziwani kuti uthenga unafika, ndipo ulendo wa ku Dedza wokakamba za malata mukhoza kuyamba kuukonza ndi amuna anu.